Thumba la chithandizo si la phwando: mawu otsegulira msonkhano wa chaka chatsopano

Ine ndimagwira ntchito yodzipereka pa zaumoyo m'mudzi mwathu, komanso anzanga anandisankha kukhala wapampando wa gulu lathu losunga ndi kubwereketsana ndalama, lija a ku Malawi amati banki m'khonde. Lero ndikubwerezerani mawu amene ndinatsegulira nawo msonkhano wathu woyamba wa chaka, chifukwa vuto limene tinakumana nalo likhoza kugwera gulu lina lililonse. Ndinalankhula motere.

Zikomo amfumu, zikomo agogo, amayi ndi abambo, achemwali ndi achimwene. Pemphero tamva, Asilamu ndi Akhristu tonse tathokoza Mulungu kuti watifikitsa m'chaka china. Ine ndine mwana pamaso panu, ena mwa inu munandibereka kumbuyo ndili khanda. Ndiye ndikalankhula molimba mundikhululukire, ndi mpando umene munandipatsa ukulankhula.

Ndiyambe ndi zabwino. Tilipo anthu 25, ndipo chaka chathachi tinakumana ka 48. Sheya imodzi inali mametikali 50. Tonse pamodzi tinagula masheya 2,400, kutanthauza kuti tinasunga mametikali 120,000. Phindu la ngongole ndi zindapusa linafika 30,000. Choncho pogawana mu Disembala, amene anali ndi masheya 100 anaika 5,000 koma ananyamula 6,250. Ena munagula feteleza, ena malata, ena mbuzi. Palibe amene anathawa ndi ngongole. Pamenepa tiwombe m'manja.

Koma m'bokosi muja muli matumba awiri. Lalikulu ndi la masheya ndi ngongole, ndipo ndi limene tonse timaliyang'ana ndi maso awiri. Laling'ono ndi thumba la chithandizo, lija timaponyamo mametikali 5 aliyense tisanayambe kugula masheya. Lero ndikufuna tikambe za laling'onoli, chifukwa chaka chatha linatichititsa manyazi.

Mukukumbukira zimene tinachita mu Disembala wa chaka chinacho. M'thumba la chithandizo munatsala ndalama, ndipo tinati tigule mbuzi, mpunga ndi zakumwa, titseke chaka mosangalala. Inenso ndinakweza dzanja, ndipo nyama ndinadya. Tinalowa mu Januwale thumba lili pululu. Anthu 25 tikaponya 5 aliyense, pa sabata timapeza 125. Pofika pakati pa Febuluwale tinali titakumana ka 6, ndiye munali 750 yokha, ndipo 500 inali itapita kale ku maliro. Munatsala 250.

Nthawi imeneyo ndi imene mwana wa mnzathu wina anatentha thupi. Mnzathuyo wandilola kuti ndifotokoze nkhaniyi, koma dzina sinditchula. Mwanayo anali wa zaka ziwiri. Anayamba kutentha Lachiwiri madzulo. Lachitatu m'mawa mayi ake anafuna kupita naye kuchipatala, koma m'nyumba munalibe ndalama, monga mmene zimakhalira m'nyumba zambiri mu Febuluwale. Mvula inali itawononga njira, ndipo wa njinga yamoto anati 150 kupita, 150 kubwera. Mayiyo anabwera kwa ine. Ine ndinapita kwa msungichuma, bokosi ndinalipeza, koma bokosi lathu lili ndi maloko atatu. Wosunga kiyi mmodzi anali pakhomo. Wachiwiri anali atagonera kumunda wakutali. Wachitatu anali atapita ku msika ku Chiponde. Ndipo lamulo lathu limati bokosi silitsegulidwa popanda gulu lonse. Msonkhano unali Loweruka.

Mayi uja anagula mapiritsi oziziritsa thupi pa kagolosale, mwana anakhala ngati wapezako bwino, ndipo anati adikire Loweruka. Apa ndi pamene malungo amatinamiza. Mapiritsi oziziritsa thupi amatsitsa kutentha kokha, koma tizilombo ta malungo m'magazi timapitiriza kuswana. Lachinayi usiku mwana anayamba kusanza chilichonse, kenako anakomoka n'kumaphupha. Anathamanga naye usiku womwewo, wa njinga anati usiku ndi 400. Kuchipatala chaching'ono anamubaya jakisoni n'kumutumiza kuchipatala chachikulu, kumene anagona masiku asanu. Mwanayo ali moyo, ndi uyo akusewera apoyo, tithokoze Mulungu ndi anamwino.

Tsopano tiwerengere limodzi. Njinga ya usiku 400. Chakudya, sopo ndi zina za mayi ndi mlamu wake amene anakamudikirira, 900. Ulendo wobwerera kumudzi 500. Zonse pamodzi 1,800. Ndalama imeneyi anaitenga kwa wakatapila, amene anati pakatha mwezi abweze 2,700. Kuti abweze, anagulitsa mbuzi imene anagula ndi ndalama za gulu lomwe lino. Munda unakhala sabata yathunthu osapalira. Zonsezi zinayamba chifukwa chosowa 300 Lachitatu m'mawa. Ife tinali ndi gulu, tinali ndi bokosi, tinali ndi thumba lotchedwa la chithandizo, koma silinathandize. Mlanduwu si wa osunga makiyi, iwo anapita ku ntchito zawo monga munthu aliyense. Mlanduwu ndi wa malamulo athu, ndipo malamulo tinapanga ndife, tikhozanso kuwakonza ndife.

Taonani mmene chaka chathu chimayendera kuno. Ndalama zimapezeka kuyambira Meyi, tikakolola chimanga, pamene a fodya, a thonje, a soya ndi a nandolo akuyamba kugulitsa motsatizana. Koma matenda amachuluka kuyambira Januwale mpaka Epulo, pamene madzi ali m'zithaphwi, udzudzu waswana, zitsime zasefukira ndipo nkhokwe zapepuka. Kolera imene inavuta ku Mangochi ndi kuno ku Niassa mu 2022 ndi 2023 inakula kwambiri nthawi ya mvula yomweyi. Ndiye ife timagawana mu Disembala, n'kuyamba thumba lopanda kanthu mu Januwale, mwezi womwe likufunika koposa. Zili ngati kufolera nyumba mu Juni n'kusasula udzu mvula ikamayamba.

Chifukwa chake komiti yabweretsa mfundo zinayi. Si malamulo ayi, mpaka inu mutakweza manja.

Mfundo yoyamba ndi yakuti thumba la chithandizo lisagawidwe ndipo lisadyedwe. Chaka chathachi tinaponyamo 6,000. Tinapepesa maliro atatu, 500 pa maliro alionse, ndiyo 1,500. Tinathandiza odwala asanu ndi awiri, 300 aliyense, ndiyo 2,100. Zatsala 2,400, ndipo owerenga ndalama aziwerenga pamaso panu tikangotsegula bokosi. Ndamva kuti ena akuti tigulenso mbuzi. Ine ndikuti 2,400 imeneyi ndi maulendo asanu ndi atatu opita kuchipatala ndi kubwerako. Tikafuna phwando tisonkhe padera, ndipo ine ndiyamba kusonkha.

Mfundo yachiwiri ndi yakuti tiziponya zambiri pamene tili nazo. Sindikupempha kuti tikweze chopereka lero, m'nyengo ya njala. Kuyambira Januwale mpaka Epulo tipitirize 5. Misonkhano 16 itipatsa 2,000. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala tiziponya 10. Misonkhano 24 itipatsa 6,000. Mu Novembala ndi Disembala, pamene ndalama zikupita ku mbewu ndi feteleza, tibwerere pa 5, ndipo misonkhano 8 itipatsa 1,000. Pa chaka ndi 9,000 m'malo mwa 6,000. Munthu mmodzi awonjezera 120 yokha pa chaka chonse, ndipo aiwonjezera nthawi imene chimanga chili m'nkhokwe.

Mfundo yachitatu ndi imene ikufuna kuti tiganize mofatsa. Tikupempha kuti 600 izikhala kunja kwa bokosi, m'manja mwa munthu mmodzi amene gulu lisankhe. Akhale munthu amene amagona pakhomo nthawi zambiri, wosachita geni yoyendayenda, ndipo asakhale msungichuma kapena wa m'nyumba imodzi ndi msungichuma. Ndikudziwa chifukwa chimene maloko ali atatu. Njira yosungira ndalama imeneyi inayamba ku Niger mu 1991 ndi bungwe la CARE, ndipo yafika kutali chifukwa cha lamulo limodzi, lakuti ndalama imagwiridwa pamaso pa onse. Ndalama imene ili m'manja mwa munthu mmodzi imayesa mtima. Mwana akalira njala, 600 ija imaoneka ngati ikuitana. Ndiye tiimange ndi zingwe zitatu. Choyamba, potulutsa ndalamayi pakhale mboni ziwiri za m'gulu, ngakhale pakati pa usiku. Chachiwiri, msonkhano uliwonse wosungayo aziika ndalamazo pa mphasa tisanatsegule bokosi, ziwerengedwe mokweza, ndipo mlembi alembe. Chachitatu, tizisintha wosunga pakatha miyezi itatu iliyonse. Mukadzamva wosunga akuti ndaiwala kunyumba, ndibweretsa sabata yamawa, dziwani kuti chingwe chayamba kuduka. Tsiku lomwelo anthu awiri apite naye kunyumba akatenge. Si kumunyoza, ndi kumuteteza kuti ngongole yake isakule mumdima.

Ena afunsa kuti bwanji osaika ndalamayi pa foni, pa M-Pesa kapena e-Mola. Kwa magulu a pafupi ndi msewu wa Cuamba, Mandimba ndi Lichinga zikhoza kutheka. Koma kwathu kuno foni imatha moto, netiweki imathawa mvula ikagwa, ndipo wotulutsa ndalama sapezeka usiku. Ndalama ya usiku ikhale yogwirika m'manja. Ndipo ikhale mametikali, osati makwacha. Ife a m'malire timagwira ndalama ziwiri, koma mukukumbukira Novembala 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse tsiku limodzi. Amene anasunga makwacha anadzuka ali ndi mapepala omwewo koma ogula zochepa. Wagulitsa malonda ake ku Chiponde asinthe yekha asanabwere kuno.

Mfundo yachinayi ndi yakuti tigwirizane lero lomwe za nthawi imene 600 ija ituluke popanda kudikira msonkhano, kuti wosunga asakhale woweruza usiku. Apa ndilankhula monga wa zaumoyo, ndipo ndikupempha kuti mumvetsere bwino ngakhale amene simuli m'gulu lathu.

Kwa mwana, kutentha thupi kokha n'kokwanira. Mwana akatentha thupi ayezedwe magazi tsiku lomwelo, lisanathe tsiku limodzi ndi usiku wake. Ngati wothandiza zaumoyo wa m'mudzi, uja timati APE, ali ndi zoyezera ndi mankhwala, yambirani kwa iye, simufunika njinga. Akasowa kapena zoyezera zikatha, ndalama ituluke. Koma pali zizindikiro zina zimene sizifuna kufunsa aliyense: mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wakomoka kapena akuphupha, wafooka moti sakudzuka bwinobwino, kapena akupuma mothamanga nthiti zikulowa m'kati. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi kapena likasiya kuyamwa, nalonso ndi ulendo wa nthawi yomweyo. Ndipo mukapatsidwa mankhwala a malungo, ndi a masiku atatu, m'mawa ndi madzulo, kasanu ndi kamodzi. Mwana akayamba kusewera pa tsiku lachiwiri musasunge otsalawo kuti adzamwe mkulu wake. Amalize onse.

Kwa mayi woyembekezera, ndalama ituluke akataya magazi ngakhale ochepa, mutu ukamuwawa kwambiri maso n'kumachita chidima, akatupa nkhope ndi manja, akatentha thupi, akakomoka, nsupa ikasweka, kapena mwana akasiya kugunda m'mimba. Matenda akayamba, ulendo uyambenso, tisadikire kuti tione ngati zivute. Koma kunena zoona, mayi wa miyezi isanu ndi inayi sayenera kukwera njinga yamoto usiku pa matope. Kumene chipatala chili ndi nyumba yodikirira amayi oyembekezera, apite masiku ake asanakwane. Ndikupempha kuti gulu lizipereka 300 ya ulendo umenewu monga mmene limaperekera kwa wodwala, chifukwa ulendo wa masana woyenda modekha ndi wotchipa kuposa wa usiku. Kumbukirani kuti zikavuta kwambiri, chipatala chachikulu chili kutali. Kuchoka ku Mandimba kukafika ku Cuamba ndi pafupifupi makilomita 150.

Kwa wina aliyense, wamkulu kapena mwana, ndalama ituluke akayamba kutsegula m'mimba mwa madzi okhaokha, ochuluka, ooneka ngati madzi otsukira mpunga. Kolera ikhoza kumaliza munthu wamphamvu pa maola ochepa, chifukwa imachotsa madzi m'thupi. Pamene wina wathamangira njinga, wina asungunule paketi imodzi ya mchere wa kuchipatala uja mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala. Paketi ikasowa, thirani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga osasefukira, ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, mu lita imodzi. Wodwala azimwa pang'onopang'ono njira yonse, botolo lili m'manja mwa womuperekeza. Musachulutse mchere poganiza kuti agwira msanga, mchere wambiri umavulaza, makamaka ana.

Tsopano ndinene malire a thumbali, kuti tisadzakangane. Ndalama ya ulendo, 300, ndi mphatso, sibwezedwa. Ndi ya membala, mwamuna kapena mkazi wake, ndi ana amene amadya m'nyumba mwake. Wodwala akagonekedwa ndipo pakufunika zambiri, gulu likhoza kubwereketsa mpaka 1,000 kuchokera m'thumba lomweli pa msonkhano, popanda chiwongoladzanja, kubweza pofika kumapeto kwa Juni kapena pakatha miyezi itatu. Kupitirira apo thumba silingathe. Likadakhalapo chaka chatha, mnzathu uja akadatenga 300 Lachitatu m'mawa, ndipo mwina nkhani ikadathera pomwepo. Ngakhale zikadafika pogonekedwa, akadatenga 300 ndi 1,000, n'kusowa 500 yokha, osati kugwada kwa wakatapila chifukwa cha 1,800.

Wina anandifunsa kuti, nanga munthu akanama kuti mwana wadwala? Funsoli ndi loona. Yankho lake ndi lakuti wolandira ndalama adzaonetse kadi kapena kapepala ka kuchipatala kwa anthu awiri a komiti, aone tsiku lokha. Matenda a munthu sitiwerenga pa mphasa. Pakati pathu pali amene amakatenga mankhwala mwezi ndi mwezi ndipo safuna kuti mudzi udziwe. Tikayamba kufunsana matenda pagulu, anthu aziopa kupempha, ndipo tibwerera komwe tachoka. Chizindikiro china chakuti zinthu sizikuyenda ndi ichi: miyezi ya mvula yatha, ana akudwala m'mudzi, koma 600 ija sinakhudzidwe. Pamenepo tisasangalale kuti tasunga. Tifunsane kuti anthu akuopa chiyani.

Chotsala ndi njinga. Ndalama ikhoza kukhalapo koma wa njinga n'kukana, kapena kukweza mtengo poona kuti mwapanikizika. Ndikupempha abambo awiri ndi amayi awiri kuti sabata ino akakhale pansi ndi anyamata awiri a njinga zamoto a m'mudzi muno, pamaso pa amfumu. Agwirizane mtengo wa masana ndi wa usiku, ulembedwe m'buku la gulu, ndipo anyamatawo alonjeze kuti azigona ndi mafuta okwanira ulendo umodzi. Ife tilonjeze kuti tizilipira pompopompo, osati mawa. Akhale awiri, chifukwa njinga imodzi ikhoza kuphwa tayala tsiku lomwe mukuifuna.

Ndisanakhale pansi ndinene ichi. Ulendo wotchipa kuposa onse ndi umene sunachitike. Masikito amene tinalandira si otchingira dimba kapena kuwedzera matemba, tigonemo usiku uliwonse, ana ndi amayi oyembekezera poyamba. Madzi akumwa tiwiritse kapena tithire Certeza, kachivindikiro kamodzi mu chigubu cha malita 20, n'kudikira theka la ola tisanamwe. Banja lililonse likachita izi, 2,400 yathu ifika mu Epulo.

Akuluakulu amati m'mera mpoyamba. Mfundo ndi zinayi: thumba lisadyedwe, tiponye 10 nthawi yokolola, 600 igone kunja kwa bokosi ndi mboni zake, ndipo zizindikiro zija zikaoneka ndalama ituluke osadikira Loweruka. Amene ali ndi maganizo ena alankhule momasuka, agogo ayambe, achinyamata atsatire. Tikatha tikweza manja pa mfundo iliyonse payokha. Osunga makiyi, bwerani kutsogolo. Owerenga ndalama, yalani mphasa. Msonkhano woyamba wa chaka ndautsegula. Zikomo.

Omvera athu, mawu anga anathera pamenepo. Gulu linakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Mfundo zitatu zinadutsa monga mmene zinalili. Pa ya 600, agogo ena anati miyezi itatu ndi yaitali kuti munthu mmodzi agone ndi ndalama za anthu, ndipo tinagwirizana kuti tizisintha wosunga mwezi uliwonse. Ziwerengero zanu zikhala zosiyana ndi zathu, chifukwa mtunda wopita kuchipatala ndi wosiyana. Pa msonkhano wanu wotsatira funsani mafunso awiri okha: m'thumba la chithandizo muli zingati lero, ndipo mwana akatentha thupi Lachitatu usiku, ndalamayo ituluka bwanji?